Jenereta ikuyamba bwinobwino koma ikangopatsidwa lodi ikukwera-tsika kenako nkuzima

Bambo a Tadala (Chinamwali): Mwaswera bwanji akuluakulu pagulu pano. Ndithandizeni maganizo. Ndili ndi jenereta ya petulo, zija zolembedwa 6.5HP pa injini, pa kachitsulo ka pambali analemba 2000W. Ndimagwiritsa ntchito pa shopu yometera magetsi akazima, komanso mayi a kunyumba ali ndi saluni khomo lotsatira nde timagawana waya. Dzulo magetsi atapita ndakoka chingwe kawiri kokha yalira, koma kaliridwe kake nkachilendo, ikumapanga vuuu vuuu vuuu ngati munthu akuponda ndi kusiya mafuta, mababu nawo kumawala nkuzilala. Ndangolumikiza fuliza basi yatsamwa nkuzima. Ndayesa kanayi zomwezomwezo. Makasitomala atatu anabwerera ndi mutu wometa mbali imodzi moti zandipweteka kwambiri

Mjomba wa ku Songani: Pulagi imeneyo achimwene. Sinthani pulagi basi muona

Bambo a Tadala (Chinamwali): Pulagi ndasintha mmawa uno mjomba, ndagula F7TC yatsopano mtauni, palibe chasintha

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Bambo a Tadala, musanagule chinthu china ndiyankheni mafunso awiri. Jeneretayo munailiza liti komaliza dzulo lisanafike? Ndipo petulo amene ali mu thankimo munathira liti?

Bambo a Tadala (Chinamwali): Madala komaliza inalira mu Juni. Petulo ndi yemweyo wa mu Juni, ndinathira malita 8 nthawi ija mafuta amavuta, ndinagula wa m'chigubu. Anatsala mwina malita 5. Pano tili mu Okutobala

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Miyezi inayi. Chabwino. Chitani ichi pompano ngati muli pa shopu, sichifuna sipanala. Chotsani mawaya onse, ilizeni, ikayamba kukwera-tsika kuja bwezani choki pang'onopang'ono kufika pakati, osatseka yonse. Mumvetsere ngati kaliridwe kakhazikika kapena ayi nde mundiuze

Kabaza Matawale: Akulu izi nzosavuta, pali kasikuluwu ka gavana amene amaongolera liwiro la injini, kali pamwamba pa injini pansi pa thanki pamene pali sipuling'i, mungomanga kawiri katatu injini imakwera mphamvu kusiya zomwezo. Yanga ndinapanga choncho

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Ayi ayi chonde kasikuluwu kameneko musakakhudze. Aise ukunena zoona kuti chimene chikusewera ndi gavana, ukayang'ana kamkono kake ukaona kakupita uku ndi uku, koma gavanayo sakudwala, akungoyankha zimene injini ikuchita. Jenereta zimenezi zimayenera kuzungulira 3000 pa mphindi kuti magetsi atuluke 50Hz ngati a mnyumba. Ukamanga sipuling'i injini imathamanga kupitirira pamenepo, phokoso limamveka ngati yachira koma magetsi akutuluka si oyenera, ndipo amene amalipira ndi mota ya fuliza ndi makina ometera. Kabuleta nayo imakhala ikadali yotsekeka momwemo

Kabaza Matawale: Koma yanga chaka chatha tsopano ikugwirabe madala

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Umayatsira chani?

Kabaza Matawale: Mababu ndi kutchaja mafoni

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Nchifukwa chake. Matchaja a foni amapirira zambiri. Tsiku lina udzabwere nayo ndidzaike mita uone wekha pamene ili

Bambo a Tadala (Chinamwali): Madala ndayesa. Choki chikafika pakati ikumalira bwinobwino ngati yatsopano, vuuu vuuu uja kutheratu. Ndikangotsegula choki chonse ikuyambiranso. Nde ndingomagwiritsa ntchito chonchi choki chili pakati?

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Ndiye tapeza pamene pali matenda. Choki ntchito yake ndi kuchepetsa mpweya wolowa. Ngati injini ikusangalala mukaichepetsera mpweya ndekuti petulo amene akufika ndi wochepa, mwangochepetsa mpweya kuti ufanane ndi petulo wochepayo. Ikanakhala pulagi kapena moto choki sichikanathandiza kanthu. Kugwiritsa ntchito chonchi kwa ola limodzi kuti mumalize kumeta munthu si mlandu, koma osazolowera, mphamvu imakhala yochepa chifukwa injini ikupuma movutika, pulagi imada ndi mwaye, ndipo mukaika fuliza izimabe.

Zimene zikuchitika mkatimo ndi izi. Pansi pa kabuleta pali kakapu kachitsulo kamene kamasunga petulo pang'ono. Kuchoka mmenemo petulo amadutsa timabowo tiwiri. Kamodzi ndi jeti yaikulu, imagwira ntchito injini ikanyamula katundu. Kena ndi jeti yaing'ono, bowo lake ndi laling'ono moti singano yosokera silowa, imeneyi imadyetsa injini pamene palibe lodi kapena lodi ndi yochepa. Petulo akakhala miyezi mkakapumo mbali yake yopepuka imauluka, chotsala chimakhala ngati ulimbo, chimamatira mmabowomo. Nde injini ikasowa petulo imatsika, gavana amaona kuti yatsika amatsegula kukhosi, petulo amabwera kudzera ku jeti yaikulu injini nkukwera, gavana amatsekanso, jeti yaing'ono yotsekeka ija ilibe chopereka, injini nkutsikanso. Vuuu vuuu mukumvayo ndi imeneyo. Zoti ikuzima mukaika fuliza zikundiuza kuti jeti yaikulu nayonso yachepa bowo, kapena petulo sakutsika mokwanira kuchoka mu thanki

Anaphiri (Sadzi): Pepani ndilowererepo. Yathu inkachita zofanana, imalira mwina mphindi 15 kenako kuyamba kutsamwa nkuzima, tikadikira pang'ono nkuyambanso. Tinasintha kabuleta yonse ndalama kupita koma vuto osatha. Mapeto ake anali chitsekerero cha thanki, kabowo kopumira kanatsekeka ndi fumbi nde petulo samatsika. Mwana wanga anangotsegula chitsekerero ikulira tinamva psii ngati botolo la fanta, basi osazimanso

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Zoona mayi, chimenecho chimapusitsa amakaniko ambiri. Kusiyana kwake ndi nthawi. Ya chitsekerero imayamba bwino nkulira bwino kwa kanthawi kenako nkufooka. Ya bambo a Tadala ikuyamba kusewera ikangolira kumene. Komabe kuyesa nkwaulere, bambo masulani chitsekerero pang'ono ikulira muone

Bambo a Tadala (Chinamwali): Ndamasula, palibe kusintha anaphiri

Che Dada (Domasi): Moni nonse. Ine yanga ndi kaja kakang'ono ka 950 kosakaniza petulo ndi oyilo. Kamatulutsa utsi wambiri zedi moti aneba akudandaula. Oyilo ndithire wochuluka bwanji pa lita?

Mjomba wa ku Songani: Che Dada imeneyo ndi nkhani ina koma onani pa chitsekerero cha thanki, zambiri amalemba 50:1, ndekuti mamililita 20 a oyilo wa 2T pa lita imodzi ya petulo. Osati oyilo wa galimoto

Che Dada (Domasi): Ine ndimathira kabotolo theka pa malita awiri

Mjomba wa ku Songani: Utsiwo ndi umenewo nanga

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Mjomba ayankha bwino. Tibwerere kwa bambo a Tadala. Tiyambe ndi petuloyo tisanafike ku kabuleta, chifukwa mukatsuka kabuleta nkubwezeramo petulo yemweyo mwagwira ntchito yachabe. Zimitsani, idikireni izizire, mutulutse panja kutali ndi mbaula ndi osuta fodya. Pa kakapu kaja pali mabauti awiri, wapakati pansi penipeni ndi amene wagwira kakapuko, winayo wopendekera pambali ndi wokhetsera petulo. Tengani botolo loyera loonekera mkati, masulani wopendekerayo tapu ya petulo ili ON, mulandire mwina theka la kapu. Muone zinthu zitatu, akutuluka mwamphamvu osadukiza kapena akungodontha, mtundu wake ndi wotani, ndipo mukaliika pansi botololo mphindi zisanu pansi pake pakhala chani

Bambo a Tadala (Chinamwali): Eee madala. Poyamba anatuluka bwino kenako kumangodontha dontho dontho. Mtundu wake wada ngati tiyi wopanda mkaka, fungo lake si la petulo, likumveka ngati vanishi wa akalipentala. Pansi pa botolo pakhala timadzi tosiyana ndi petuloyo, pali mzere ndithu pakati, komanso tizinyalala tofiira

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Timadzi timeneto ndi madzi enieni, tofiirato ndi dzimbiri la mu thanki. Petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanolo wochokera ku nzimbe, amene amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanolo amakoka chinyontho cha mumpweya. Thanki yanu inali ndi malita 5 okha, kwinako kunali mpweya, ndipo Juni ndi Julayi kuno ku Zomba mukudziwa mmene chiperoni chimachitira, usiku kuzizira masana kutentha, thanki imachita thukuta mkati. Madzi ndi olemera nde amakhala pansi, ndipo pansi ndi pamene pali tapu ndi jeti. Onjezerani kuti anali wa m'chigubu, sitidziwa chigubucho chinasunga chani kale kapena anakhala nthawi yaitali bwanji musanagule

Mphunzitsi (Chikanda): Madala funso langa, petulo amayamba kuonongeka pakatha nthawi yaitali bwanji? Chifukwa galimoto yanga inakhala miyezi itatu osayenda koma inalira bwinobwino

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Aphunzitsi galimoto zamasiku ano thanki yake ndi yotsekeka bwino ndipo pampu imakankha petulo mwamphamvu. Jenereta thanki imapuma ndi chitsekerero, kakapu ka kabuleta nako kali ndi kabowo kopumira, ndipo petulo ali mmenemo ndi wochepa kwambiri nde amauma msanga. Ine zimene ndimaona pa ntchito, ikadutsa mwezi umodzi kapena iwiri ili chikhalire ndi petulo mkakapu mavuto amayamba. Miyezi inayi ngati iyi sindidabwa nkomwe

Bambo a Tadala (Chinamwali): Nde ndipange bwanji, ndibwere nayo kapena ndingathe ndekha? Sipanala ya 10 ndili nayo ndi sikuludilaiva

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Mutha, bola muyale nsalu yoyera pansi chifukwa tizinthu take ndi tating'ono, kakagwera mu mchenga kapita. Jambulani ndi foni musanamasule chilichonse makamaka pamene kawaya ka gavana ndi kasipuling'i kake zakoledwa.

Choyamba khuthulani petulo yense wa mu thanki. Muchotse kasefa ka pakamwa pa thanki mutsuke. Pansi pa tapu pali kakapu kena kakang'ono kosungira zinyalala, masulani ndi sipanala ya 10, mupezamo matope, ndi amene akupangitsa kudontha kuja. Samalani kalabala kozungulira ka pamenepo. Tsukuluzani thanki ndi petulo watsopano pang'ono mpaka wotuluka akhale woyera.

Kenako kabuleta. Chotsani bokosi la sefa ya mpweya, manati awiri a 10. Masulani bauti wapakati uja kakapu katsike. Muona fuloti ya pulasitiki yogwidwa ndi kapini, sololani kapiniko, fuloti ituluka limodzi ndi kasingano kake kamutu wa labala. Pakati pa chipilala chimene munalowa bauti, mkati mwake, ndi mmene muli jeti yaikulu, ya mkuwa wachikasu. Apa ndipamene anthu amaononga, sikuludilaiva ikhale yokwana bwinobwino mu mpatawo ndipo mukanikize pomasula, mkuwa ndi wofewa ukangophwanyika mutu basi simuitulutsanso. Jeti ikatuluka pamwamba pake pali kachitoliro kamkuwa katali kokhala ndi timabowo tambiri mmbali, kamagwa kokha, kakakana kakankheni kuchokera kukhosi kwa kabuleta ndi kamtengo. Timabowo tonseto tiziona kuwala mukayang'anitsa ku dzuwa

Mjomba wa ku Songani: Potsegula mabowo ine ndimagwiritsa singano kapena pini wa mayi

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Mjomba singano ndi chitsulo cholimba kuposa mkuwa, imakulitsa bowo. Bowo likakula silibwereranso, jenereta imayamba kumwa petulo ngati chidakwa ndi kutulutsa utsi wakuda. Sendani waya wa magetsi uja wofewa mutenge kaulusi kamodzi ka kopa, ndi kamene kamalowa osaononga. Mupopere mankhwala otsukira kabuleta a mchitini aja, amapezeka mmashopu a zipangizo za galimoto, kenako muuzire ndi pampu ya njinga. Maso mutchinjirize chifukwa amabwerera kumaso, ndipo mankhwalawo asakhudze malabala amatupa

Bambo a Tadala (Chinamwali): Mwadzuka bwanji nonse. Ndagwira ntchito ija dzulo madzulo. Mkakapu munali zobiriwira zomata komanso zoyera ngati ufa pansi. Jeti yaikulu bowo linatsala kang'onong'ono, kachitoliro kaja mabowo anayi anali otsekeka. Ndabwezera, ndathira malita 3 atsopano a pa filing'i siteshoni. Pano fuliza ikunyamula osazima, makina ometera awiri ndi mababu zonse bwinobwino. Koma ndikachotsa zonse kuti ilire yokha vuuu vuuu uja akubwerabe ngakhale wachepa

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Mwagwira ntchito. Jeti yaing'ono munaitulutsa?

Bambo a Tadala (Chinamwali): Ndinaifuna mkakapu sindinaione madala, ndimayesa yanga ilibe

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Pepani sindinalongosole dzulo. Siili mkakapu, ili pamwamba pa kabuleta kunja. Muona sikuluwu yakuda ya pulasitiki yopingasa, pansi pa mutu wake pali kanthu kena kakuda kapulasitiki kokanikizidwa mu bowo, jeti yake ndi imeneyo. Werengani kuti sikuluwu yakudayo mwaizungulitsa kangati pochotsa kuti mubwezere momwemo. Kenako tukulani kajetiko pang'onopang'ono ndi sikuludilaiva yopyapyala. Kunsonga kwake kuli kabowo kamkuwa kochepetsetsa, kaulusi ka kopa kamodzi kapyole. Mupoperenso mu bowo mmene kanakhala. Kali ndi timalabala tozungulira, pakani kadontho ka oyilo pobwezera kuti tisadukire. Muonenso gasiketi ya pakati pa kabuleta ndi injini ngati sinang'ambike pomwe mumachotsa, ikang'ambika imayamwa mpweya wa pambali ndipo kaliridwe kamakhala komweko ngakhale majeti onse ali oyera

Bambo a Tadala (Chinamwali): Zatheka!! Kabowo kanali kotsekeratu, kaulusi kamakana kulowa mpaka ndinaviika mu mankhwala kwa kanthawi. Pano ikulira mzere umodzi choki chili chotsegula. Gasiketi ili bwino. Zikomo kwambiri madala, zikomo nonse. Koma pali kena kamodzi, mayi atayatsa dilaya ya tsitsi fuliza ili yolumikiza, patapita kanthawi jenereta inabuula kwambiri mababu kuzilala kenako kaswitchi ka pa jenereta kanagwa. Kabuleta yatsekekanso?

Anaphiri (Sadzi): Onani oyilo bambo, zimenezi zikachepa oyilo zimazima zokha

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Oyilo aone ndithu mayi, injini imeneyi imalowa mamililita 600 ndipo ikhale pamalo osapendekera, koma ya oyilo imazimitsa injini yeniyeniyo ngati munthu wathimitsa, siigwetsa kaswitchi. Bambo werengani zimene zalembedwa pa chogwirira cha dilayayo

Bambo a Tadala (Chinamwali): Analemba 1800W

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Ndiye si kabuleta, mwaisenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Jenereta ndi ya 2000, dilaya yokha yatenga 1800, kwatsala 200 ya mababu ndi makina ometera. Fuliza ikamayenda imadya mwina 150, koma mota yake pamene ikudzuka imakoka katatu kapena kuposa kwa kamphindi, nde inadzuka dilaya ili mkati basi. Komanso 2000 imeneyo amayezera kufupi ndi nyanja yamchere. Zomba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900, mpweya ndi wopepukirako, injini ya petulo imataya pafupifupi 10 pa 100 iliyonse ya mphamvu zake. Mumve kusiyana kwake, ya njala ya petulo imakwera-tsika ndipo choki chimaithandiza, yolemedwa imangobuula kutsika pansi osakweranso mpaka muchotse katundu. Mayi akafuna dilaya muzizula fuliza kaye, ikakhala yotseka sisungunuka pa theka la ola, ndipo dilayayo aziika pa moto wapakati

Mphunzitsi (Chikanda): Nanga posunga kuti zisabwerezeke? Ine ndinamva kuti thanki izikhala yodzadza kuti musalowe chinyontho, ena akuti izikhala yopanda kanthu

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Kwa ine chachikulu ndi kakapu. Mukamaliza ntchito zulani mawaya kaye, tsekani tapu ya petulo injini ikulira mpaka izime yokha. Ngati ikhala kupitirira mwezi masulaninso bauti wopendekera uja mukhetse kotsalako chifukwa sikathera konse. Thanki ine ndimati khuthulani, petuloyo mugwiritse ntchito kwina akadali wabwino

Mjomba wa ku Songani: Apo madala sindikuvomera. Thanki yachitsulo ikakhala yopanda kanthu dzinja lonse imachita dzimbiri mkati, yanga inaboola chifukwa chomwecho. Ine ndimadzadza nkumailiza mphindi 20 sabata ziwiri zilizonse ndi ayironi yolumikiza, zaka zitatu kabuleta sindinatsegule

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Ngati mumakumbukiradi kuiliza sabata ziwiri zilizonse njira yanu ndi yabwino mjomba. Anthu amene amabwera kwa ine ndi amene anaiwala miyezi inayi thanki ili theka

Mjomba wa ku Songani: Koma dzimbirilo simunandiyankhe

Che Dada (Domasi): Ine ndimailizira mu sitolo chitseko chotseka kuopa akuba, kodi utsi uja sungachepe ndikachepetsa oyilo mmene mwanenera?

Anaphiri (Sadzi): Che Dada chonde chonde itulutseni panja lero lomwe. Utsi umene umapha si umene mukuuonawo, ndi mpweya wina wosaoneka wosanunkha, munthu amangomva mutu ndi tulo basi osadzukanso. Gulani tcheni ndi loko muimangirire panja kutali ndi mawindo

Che Dada (Domasi): Ndamva mayi, ndiitulutsa

Bambo a Tadala (Chinamwali): Madala malita anayi a petulo wakale uja ali mchigubu pano, pansi pake madzi akuonekabe. Kabaza wina akuti ndimugulitse athire mu njinga yake, ndamukaniza. Ndipange naye chani?

Madala a Sipanala (Mpondabwino): Mwachita bwino kukana, akanabwera kwa ine mawa lake akukankha njinga. Musathire mu ngalande kapena mchimbudzi ndipo musakolezere moto. Tsekani chigubucho bwino mubwere nacho Loweruka mmawa, ine ndimatsukira zitsulo. Mubwerenso ndi jeneretayo ngati mupeza galimoto ndione mkati mwa thanki ndi tochi, dzimbiri lija likakhala lambiri tiika kasefa pa paipi apo ayi jeti yaing'ono itsekekanso mwezi usanathe